Madontho Amene Amatha Magazi Mwakachetechete

Mu mpingo wathu muli dikoni wina wa zaka 46, telala wodziwika pamsika wa kwathu. Kwa zaka zambiri ndi iwo amene ankafika koyambirira pa Sabata m'mawa, kutsegula mawindo ndi kukonza mabenchi. Kenaka tinayamba kuona kuti akanyamula benchi limodzi akukhala kaye pansi. Pokwera kamtunda kochokera kumsewu kufika kutchalitchi ankaima kawiri. Pa nthawi ya Sukulu ya Sabata ankawodzera, chinthu chimene sichinali khalidwe lawo.

Aliyense anali ndi yankho lake. Ena ankati ndi ukalamba wayamba, ena ankati ndi shuga, ena ankati akusoka mpaka usiku chifukwa cha mayunifolomu a ana asukulu. Eni ake ankati ndi malungo osatha, ndipo anali atagula kale mankhwala a malungo kawiri osayezetsa.

Tsiku lina ife a dipatimenti ya zaumoyo tinali ndi ntchito yoyeza anthu kuthamanga kwa magazi. A dikoni atatambasula dzanja, namwino amene timagwira naye ntchitoyi anayang'ana chikhatho chawo nthawi yaitali. Anawapempha kuti ayang'ane m'mwamba, nakokera pansi chikope cham'munsi. M'kati mwake munali moyera ngati pepala. Anawatengera pambali n'kuwafunsa motsitsa mawu: "Bambo, kodi pali pena pamene mukutaya magazi?" Iwo anakana. Patapita kanthawi anati: "Kupatula timadontho tochepa ndikapita kuchimbudzi. Koma zimenezo n'zakalekale, ndipo sizipweteka."

Timadontho timeneto ndi timene tinali titawamaliza mphamvu. Atilola kuti tifotokoze nkhani yawo popanda kutchula dzina, chifukwa tikudziwa kuti m'makomo ambiri muli bambo kapena mayi amene akudutsa m'njira yomweyi ali chete.

Kodi mudzi n'chiyani, ndipo umataya bwanji magazi?

M'kati mwa njira yotulukira chimbudzi, chakumapeto kwenikweni, muli timinofu tofewa todzaza ndi mitsempha ya magazi. Aliyense ali nato, ndipo timathandiza kuti njirayo izitsekeka bwino. Timinofuti tikatupa ndi kuyamba kutsika, ndiye matenda amene timati mudzi, ena amati mapayilozi. Kawirikawiri amayamba chifukwa cha kudzimbidwa, kudzikakamiza kwambiri podzithandiza, kukhalitsa kuchimbudzi, komanso pathupi.

Mudzi wam'kati nthawi zambiri supweteka, chifukwa malo amene umayambira samva ululu ngati khungu lakunja. Chimbudzi cholimba chikamadutsa chimakanda kakhungu kopyapyala kamene kakuta mitsemphayo, ndipo magazi amatuluka. Amakhala ofiira kwambiri, atsopano, osasakanikirana ndi chimbudzi. Amaoneka pa chopukutira, kapena amadontha munthu akangomaliza kudzithandiza, nthawi zina amachita kuthovoka pang'ono. Pakapita mphindi zochepa amasiya okha, munthu n'kuvala n'kupitiriza ntchito zake.

Kwathu kuno pali chinthu china chimene chimabisa vutoli. Ambiri timagwiritsa ntchito chimbudzi chokumba, ndipo ambiri timapitako m'bandakucha kapena kutada. Magazi amagwera m'dzenje, palibe amene amawaona. Munthu amangoona kachizindikiro kakang'ono pa chopukutira n'kumaganiza kuti ndi okhawo amene atuluka.

Tinene poyera kuti anthu ambiri amene ali ndi mudzi safika pochepa magazi. Amene amafikapo ndi aja amene amataya magazi pafupipafupi kwa miyezi kapena zaka, monga anachitira a dikoni athu.

Masamu a nkhokwe

Kuti timvetse mmene timadontho tingagwetsere munthu wamkulu, tiyenera kudziwa za ayironi. Ayironi ndi mchere umene thupi limagwiritsa ntchito popanga himogulobini, chinthu chimene chimachititsa magazi kufiira ndiponso chimanyamula mpweya wabwino kuchokera m'mapapo kupita nawo m'thupi lonse. Munthu wamkulu ali ndi ayironi wokwana magalamu atatu kapena anayi basi, kulemera kwake ngati kamsomali kakang'ono. Wambiri mwa ameneyu ali m'magazi momwemo. Wotsalayo amasungidwa m'chiwindi, m'kapamba ndi m'mafuta a m'mafupa, ngati chimanga cha m'nkhokwe. Bambo wathanzi amasunga pafupifupi mamiligalamu 1,000. Mayi amene akusamba mwezi ndi mwezi amasunga ochepa kwambiri, mwina 300, ena ngakhale kuchepera apo.

Thupi limasamala ayironi kwambiri. Maselo ofiira a magazi amakhala masiku pafupifupi 120, ndipo akatha ntchito, ayironi wake amatengedwa n'kupangira maselo atsopano. Amene amatayika pa tsiku ndi pafupifupi miligalamu imodzi yokha, ndipo matumbo amayamwa wofanana ndi ameneyo kuchokera m'chakudya. Zinthu zimayenda bwino choncho mpaka pamene magazi ayamba kutuluka kunja kwa thupi, chifukwa ayironi amene watuluka ndi magazi sabwereranso.

Supuni yaing'ono imodzi ya magazi imatenga mamiligalamu awiri ndi theka a ayironi. Tiyerekeze kuti munthu akutaya masupuni aang'ono awiri pa tsiku. Ameneyo akutaya mamiligalamu asanu, kuphatikiza imodzi ija ya masiku onse, akwana asanu ndi imodzi. Matumbo amayesetsa kuyamwa wochuluka akaona kuti thupi likusowa, koma pa chakudya cha nsima, nyemba ndi masamba n'kovuta kupitirira mamiligalamu atatu. Ndiye kuti tsiku lililonse munthuyu akutapa m'nkhokwe mamiligalamu atatu. Pa mwezi ndi 90. Chaka chisanathe, nkhokwe ya bambo uja yatha. Ya mayi ingathe m'miyezi itatu kapena inayi.

Nthawi yonse imene nkhokwe ikutapidwa, munthu amaoneka bwinobwino ndipo magazi ake akayezedwa amaoneka okwanira. Nkhokwe ikatha m'pamene mafuta a m'mafupa amayamba kupanga maselo ang'onoang'ono, otumbuluka, onyamula mpweya wochepa. Apa ndiye pamene kuchepa kwa magazi kumayambira. Choncho tsiku limene munthu wayamba kumva kutopa, vutolo limakhala kuti linayamba kalekale.

Taganizirani izi: masupuni aang'ono awiri pa tsiku amakwana pafupifupi paketi imodzi ya magazi pa mwezi ndi theka, ngati ija imene munthu amapereka kwa odwala. Wopereka magazi amauzidwa kudikira miyezi itatu kapena kuposerapo asanaperekenso. Wa mudzi amapereka mosalekeza, kudzenje.

Kutopa kumene kumazolowereka

Magazi akatayika ambiri nthawi imodzi, monga pa ngozi, munthu amakomoka ndipo aliyense amathamanga naye. Akamatayika pang'onopang'ono, thupi limazolowera. Mtima umagunda mofulumirako kuti magazi ochepawo azizungulira msanga, ndipo munthu amachepetsa ntchito osazindikira. A dikoni anatiuza kuti anasiya kupalasa njinga popita kumsika n'kuyamba kukwera kabaza, namadziuza kuti njinga yawo yakalamba.

Kutopa kwa kuchepa magazi kuli ndi mtundu wake. Sikutha ndi tulo. Munthu amadzuka m'mawa ali wofooka kale. Kumakula akamagwira ntchito imene kale sinkamuvuta: kukwera mtunda, kulima mizere ingapo, kusenza ndowa, kusinja. Amachita befu, mtima umagunda mpaka kuumva m'makutu, akaimirira msanga amachita chizungulire kapena chidima m'maso. Mutu umapweteka kawirikawiri, maganizo sakhazikika, ndipo ena amakwiya msanga. Funso limene ife timafunsa tikamayendera anthu ndi ili: "Ndi ntchito iti imene munkaichita chaka chatha koma lero ikukukanikani?" Yankho lake limatiuza zambiri kuposa kungofunsa ngati munthu akutopa.

Palinso zizindikiro zina za kusowa kwa ayironi zimene ambiri sazilumikiza ndi magazi. Kulakalaka kudya dothi si kwa amayi oyembekezera okha. Ngakhale bambo angayambe kulakalaka dothi la pachulu kapena kutafuna madzi oundana. Zikhadabo zimathetheka, zina zimaphwatalala kapena kulowa m'kati ngati supuni. M'mbali mwa milomo mumang'ambika, lilime limasalala ndi kuwawa, ndipo miyendo imasowa mtendere usiku.

Mmene tingaonere kutumbuluka

Pa khungu lathu lakuda, kutumbuluka sikuoneka msanga pankhope. Tiyenera kuyang'ana malo amene mitsempha ili pafupi. Tulukani naye munthuyo panja pamene pali kuwala kwa dzuwa, osati pa babu kapena pa tochi ya foni. Ndi manja osamba, kokerani pansi chikope cham'munsi iye akuyang'ana m'mwamba. M'kati mwake muyenera kukhala mofiirira bwino. Mukakhala motuwa kapena moyera, magazi achepa. Kenaka yang'anani lilime ndi nkhama, ndiponso pansi pa zikhadabo. Pomaliza tambasulani chikhatho chake, osachikoka kwambiri, muchiike pafupi ndi chanu kapena cha munthu wina wathanzi. Kusiyana kwake kumaoneka bwino zikakhala pamodzi.

Njirayi ili ndi malire ake. Imagwira bwino magazi akachepa kwambiri, koma akachepa pang'ono maso athu angatinamize. Munthu amene akutaya magazi kuchimbudzi ndipo akutopa ayenera kukayezetsa ngakhale zikope zake zikuoneka zofiira.

Kuchipatala amatenga kadontho ka magazi pachala kapena pamkono n'kuyeza himogulobini. Malinga ndi muyezo wa bungwe loona zaumoyo padziko lonse, bambo akhale ndi 13 kapena kuposa, mayi amene sali woyembekezera 12, ndipo woyembekezera 11. Munthu wamkulu akatsika pansi pa 8, magazi achepa kwambiri. Pemphani kuti nambalayo ilembedwe m'buku lanu la kuchipatala, chifukwa ndi imene idzasonyeze ngati mankhwala akugwira ntchito. A dikoni athu anawapeza ndi 7.8, kungopitirira pang'ono theka la magazi a bambo wathanzi, koma anali akutsegulabe shopu tsiku lililonse.

Pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira mawa: kupuma movutikira munthu atangokhala kapena atagona, kutupa mapazi, kupweteka pachifuwa, kukomoka, ndi magazi otuluka ambiri osasiya kapena oundana. Zimenezi zikusonyeza kuti mtima walema kapena magazi akutayika mofulumira. Munthu wotere angafunike kuikidwa magazi, ndipo sitiyenera kuchedwetsa.

Musafulumire kunena kuti ndi mudzi basi

Apa tikupempha kuti muwerenge mofatsa. Munthu akhoza kukhala ndi mudzi, koma magazi ake n'kumathera kwina. Njoka za m'mimba zimene zimalowera kumapazi zimayamwa magazi m'matumbo. Likodzo, malungo obwerezabwereza, zilonda za m'mimba ndi kusamba kochuluka kwa amayi zimachepetsanso magazi. Mankhwala opha ululu monga asipirini, bufeni ndi dikulofenaki akamwedwa kawirikawiri amakanda m'mimba ndipo angachulukitse kutaya magazi. Choopsa kuposa zonse n'chakuti khansa ya m'matumbo imayambanso ndi magazi kuchimbudzi ndi kuchepa kwa magazi, ndipo ikapezeka msanga imachizika bwino kuposa ikachedwa.

N'chifukwa chake bambo aliyense, ndi mayi aliyense amene anasiya kusamba, akapezeka kuti ayironi watha m'thupi, ayenera kupimidwa matumbo. Kupatsidwa mapiritsi okha sikokwanira. Uzani dokotala mosabisa ngati magazi akusakanikirana ndi chimbudzi, ngati ndi akuda, ngati kadzithandizidwe kanu kasintha kwa masabata angapo, ngati mukuonda popanda chifukwa, kapena ngati wachibale wanu anadwalapo khansa ya m'matumbo.

Tikudziwa kuti chimene ambiri amaopa ndi kupimidwa kumaloko. Dokotala amapima ndi chala atavala magolovesi, kenaka amayang'ana ndi kachipangizo kakafupi. Zimatenga mphindi zochepa. Ngati pakufunika kuona matumbo onse ndi kachubu kokhala ndi kamera, amakutumizani kuchipatala chachikulu. Muli ndi ufulu wopempha kuti pakhale munthu wina m'chipindamo, kapena kufunsa ngati pali wachipatala wamwamuna kapena wamkazi monga mungamasukire. A dikoni anazengereza sabata yathunthu. Amene anawalimbitsa mtima ndi mayi a kunyumba kwawo, amene anati: "Bambo, manyazi a mphindi zisanu ndi umasiye wanga, chachikulu n'chiti?" Anawayeza malungo, anawayeza chimbudzi, anawapatsa mankhwala a njoka, ndipo chifukwa cha msinkhu wawo anawatumiza kukaunikidwa matumbo. Sanapeze china koma mudzi wam'kati umene unkatuluka magazi ukangokhudzidwa.

Kubwezera ayironi

Popeza mtima wawo unali usanafooke, sanawaike magazi. Anawapatsa mapiritsi a ayironi, aja ambiri timawadziwa ndi dzina loti mapiritsi owonjezera magazi, amene amayi amalandira kusikelo. Piritsi lofala la ferasi salifeti lili ndi ayironi pafupifupi mamiligalamu 60 mpaka 65, ndipo nthawi zambiri limabwera losakaniza ndi foliki asidi. Thupi limayamwako gawo lochepa chabe, komabe gawolo limaposa kutali chimene mbale ya nyemba ingapereke.

Kale anthu ankauzidwa kumwa katatu pa tsiku. Masiku ano madokotala ambiri amapereka piritsi limodzi pa tsiku, chifukwa zinapezeka kuti thupi likalandira ayironi wambiri limatseka pang'ono njira yoyamwira kwa maola ambiri, moti piritsi lachiwiri limangowonjezera kuvuta kwa m'mimba. Tsatirani mlingo umene wachipatala wakupatsani, ndipo ukakuvutani bwererani mukakambirane, musangosiya.

Piritsili limayamwidwa bwino m'mimba mulibe kanthu, monga m'mawa pafupifupi ola limodzi musanadye, ndi madzi kapena madzi a zipatso monga malalanje. Likakuchititsani nseru, imwani mutadya pang'ono. Ndi bwino kuyamwa wochepa kusiyana ndi kusiyiratu. Mkaka, tiyi, khofi ndi mankhwala oziziritsa kutentha kwa pamtima zimatchinga ayironi, choncho zitalikirane ndi piritsi maola awiri. Ife a Adventisti tinaphunzitsidwa kale kupewa tiyi ndi khofi, ndipo apa chiphunzitsocho chimatithandiza mwachindunji. Koma mkaka, umene ambiri timaudalira, nawonso uyenera kukhala ndi nthawi yakeyake.

Chimbudzi chimada munthu akamamwa ayironi, chimakhala chakuda mobiriwirako. Zimenezi si vuto. Chimene chili vuto ndi chimbudzi chakuda bii, chonata ngati phula ndiponso chonunkha moipa kwambiri. Chimenecho chimasonyeza magazi ochokera m'mimba, ndipo n'chofunika kuthamangira nacho kuchipatala.

Msampha umene anagwamo a dikoni

Sabata yachiwiri, a dikoni anadzimbidwa. Ili ndi vuto lodziwika la mapiritsi a ayironi, ndipo kwa munthu wa mudzi ndi msampha weniweni: mankhwala obwezera magazi amalimbitsa chimbudzi, chimbudzi cholimba chimakanda mudzi, magazi amatuluka ochuluka kuposa kale. Iwo ataona zimenezi anaganiza kuti mapiritsi achulukitsa magazi mpaka akusefukira, ndipo anawasiya osauza munthu. Tinazidziwa titawayendera Lamlungu lotsatira.

Tinabwerera nawo kuchipatala. Wachipatala anawasinthira kuti azimwa piritsi limodzi n'kudumpha tsiku, anawapatsa mankhwala ofewetsa chimbudzi a masabata angapo, ndipo anakambirana nawo za chakudya. Kunyumba anasiya ufa woyera n'kuyamba mgaiwa. Papaya, magwafa kapena mango sizinkasowa pa tsiku, ndiwo zamasamba zinachuluka, ndipo pambali pa makina osokera panayamba kukhala botolo la madzi la malita awiri loti lithe dzuwa lisanalowe. Anauzidwa kuti asamadikire akamva kufuna kudzithandiza, asamadzikakamize, ndipo asamakhalitse kuchimbudzi kupitirira mphindi zochepa. Anayambanso kuimirira ndi kuyendako pang'ono ola lililonse.

Magazi anachepa kutuluka koma sanasiyiretu, choncho anawamanga mudziwo ndi timphira. Dokotala amaika kamphira kakang'ono patsinde pa chotupacho, ndipo pakapita masiku angapo chimafota n'kugwa chokha. Munthu sagonekedwa m'chipatala, ngakhale nthawi zina pamafunika kubwerezanso. Mudzi waukulu umene umatuluka osabwerera umafunika opaleshoni. Chimene tikuchenjeza ndi kudula, kutema, kuwotcha kapena kuika mankhwala oluma kumaloko kunyumba kapena kwa anthu osaphunzira ntchitoyi. Malowa ali ndi mitsempha yambiri ya magazi, ndipo munthu amene magazi ake achepa kale alibe oti atayenso.

Kusiya msanga

Mankhwala akamagwira ntchito, munthu amayamba kumva kupepuka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo himogulobini imakwera ndi pafupifupi 2 pa masabata atatu kapena anayi. N'chifukwa chake ndi bwino kuyezetsanso pakatha mwezi. Ikapanda kukwera, pali zifukwa zingapo zoti zifufuzidwe: mapiritsi sakumwedwa, akumwedwa ndi zotchinga, magazi akutayikabe, kapena vutolo si ayironi yekha. Amene mimba yawo ikukaniratu mapiritsi, kapena amene matumbo awo sayamwa bwino, angathe kulandira ayironi wa m'diripi kuzipatala zimene ali naye.

A dikoni atayambiranso mankhwala, pakutha mwezi anafika 9.6. Patatha miyezi itatu anali pa 12.4, ndipo mwezi wotsatira anadutsa 13. Anabwereranso pa njinga yawo. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa, ndipo iwonso anatifunsa ngati angasiye. Yankho linali lakuti ayi. Thupi limayamba ladzaza magazi, nkhokwe imadzadzidwa pambuyo. Nambala ikafika pabwino, mapiritsi ayenera kupitirira kwa miyezi ina itatu. Amene wasiya pa tsiku limene wamva bwino amakhala ngati banja limene lakhuta lero koma nkhokwe ili mbee. Kungotaya magazi pang'ono, wabwerera pomwe anali. Onse pamodzi, a dikoni anamwa mankhwala miyezi isanu ndi iwiri, ndipo anauzidwa kudzayezetsanso pakapita miyezi ingapo.

Makolo, sungani mapiritsiwa pamalo pamene mwana sangafike. Amaoneka ngati maswiti, ndipo mwana wamng'ono akameza ambiri akhoza kufa. Zikachitika, thamangirani naye kuchipatala ngakhale akuoneka bwino. Komanso musagawire mnzanu mapiritsi anu chifukwa choti nayenso akutopa. Si kuchepa magazi konse kumene kumafuna ayironi, ndipo mapiritsi angabise matenda amene anafunika kupezeka msanga.

Nanga chakudya?

M'makomo ambiri a Chiadventisti nyama sidyedwa, kapena imadyedwa mwa apo ndi apo, ndipo funso limene timalandira kawirikawiri ndi lakuti: kodi sitingachire ndi zakudya zachilengedwe zokha? Tiyankhe moona mtima. Chakudya chabwino chimateteza munthu kuti magazi asachepe, ndipo chimathandiza kuti asachepenso akachira. Koma munthu amene wafika pa 7 kapena 8 sangadzaze magazi ndi nkhokwe yomwe pa mamiligalamu awiri kapena atatu pa tsiku, makamaka akutayabe. Kumwa mapiritsi a ayironi si kusowa chikhulupiriro kapena kutaya uthenga wa zaumoyo. Ndi kubwezera m'thupi chinthu chimene Mlengi anaikamo.

Ayironi wa m'zomera timamupeza mu nyemba, nandolo, khobwe, soya, nzama ndi nsinjiro, komanso m'masamba obiriwira kwambiri monga bonongwe, chisoso, khwanya ndi nkhwani. Ayironi ameneyu sayamwidwa mosavuta ngati wa m'nyama, koma pali njira zomuthandizira. Idyani chipatso chokhala ndi vitamini C pa nthawi yomweyo ya chakudya, osati madzulo pachokha: gwafa, lalanje, papaya, mango, madzi a malambe, kapena finyirani ndimu pa ndiwo zitapsa. Viikani nyemba usiku wonse, mutaye madziwo musanaphike. Chimera ndi kusasitsa, monga timachitira ndi thobwa, zimachepetsanso zinthu za m'mbewu zimene zimamanga ayironi. Amene amadya nsomba ndi nyama zoyera adziwe kuti usipa, matemba ndi nyama pang'ono zimapereka ayironi woyamwika msanga. Ubwino wake ndi wakuti nyemba, masamba, zipatso ndi mgaiwa ndi zomwezonso zimene zimafewetsa chimbudzi.

Tichenjezane za zinthu zofiira. Ambiri timakhulupirira kuti chakumwa chofiira chimawonjezera magazi: zakumwa zotsekemera za m'botolo zosakaniza ndi mkaka, madzi a masamba a mapeyala owiritsa, ndi zina zotero. Kufiira kwa chakumwa si ayironi. A dikoni anamwa madzi a masamba a mapeyala miyezi iwiri asanayezetse, ndipo miyezi iwiriyo inangowachedwetsa.

Kuyankhula

Titawafunsa chifukwa chimene anakhalira chete zaka zitatu, anati sankadziwa mawu oti ayambire, ngakhale kwa mayi a kunyumba kwawo amene akhala nawo zaka makumi awiri. Timawamvetsa. Awa ndi malo amene mwambo wathu sutilola kuwatchula pagulu. Komabe Baibulo silichita manyazi ndi nkhani ngati imeneyi. Marko chaputala 5 amatiuza za mayi amene anataya magazi zaka 12, ndipo Yesu sanamunyoze pamene anafotokoza vuto lake pamaso pa anthu.

Ngati mukusowa poyambira, mawu ochepa awa ndi okwanira kwa wachipatala: "Ndimaona magazi ndikadzithandiza, ndipo ndikutopa. Ndikupempha mundiyeze magazi." Nenani kuti zinayamba liti, zimachitika kangati pa sabata, magaziwo ndi amtundu wanji, ndi mankhwala onse amene mukumwa, azitsamba omwe. Ndipo inu amene mumachapa zovala za m'nyumba, mukaona madontho a magazi pa kabudula wam'kati wa amuna anu, kapena inu bambo mukaona mayi akupumira kawiri pochokera kumjigo, funsani mwaulemu muli awiri, ndipo mudzipereke kuwaperekeza.

Sabata lapitali a dikoni anafika koyambirira monga kale. Titalowa tinapeza mabenchi onse ali m'malo mwake, iwo akupukuta guwa. Anatikokera pambali n'kutiuza kuti pali mbale wina m'kwaya amene waleka kuimba mavesi onse chifukwa cha befu, ndipo akufuna kukacheza naye okha Lamlungu. Anatipempha kuti tiwakumbutse mmene amayang'anira chikope.